Botolo la Chakumwa ndi Mankhwala Akupha m'Nyumba za Alimi a Fodya ku Kasungu

Pa chidikha cha Kasungu, kuchokera ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, miyezi ya Sepitembala, Okutobala ndi Novembala ndiyo imene alimi a fodya amakhala ali kalikiliki ndi nazale m'mbali mwa madambo ndi mitsinje monga Bua, Rusa ndi Dwangwa, ndipo ndi miyezi yomweyo imene dzuwa limaswa mtengo, moti mwana aliyense amene wayamba kuyenda amakhala akusakasaka choti amwe. Mankhwala opopera mbande amalowa m'nyumba pa nyengo ya ludzu, ndipo kawirikawiri salowa m'botolo limene anachokera nalo ku fakitale, koma m'botolo la Fanta, la Sobo, la mahewu kapena la madzi ogula. Nkhani ino ikufotokoza chimene chimatayika pamene jiki, palafini kapena mankhwala a mbewu atsanulidwa m'chotengera cha chakumwa kapena cha chakudya, chifukwa ngozi yambiri ya poizoni pakhomo imayambira pa kutsanulako, kale mwana asanafike pamene pali botolo.

Anthu satsanula mankhwala chifukwa cha umbuli, monga ena amafulumira kuweruza. Gwero lake ndi kusiyana kwa muyeso umene mankhwala amagulitsidwira ndi muyeso umene mlimi wamng'ono amafuna. Botolo la lita imodzi ndi lokwera mtengo kwa munthu wa mabedi awiri kapena atatu a nazale, choncho alimi a m'kalabu imodzi amasonkha ndalama nagawana, tenanti amapatsidwa gawo lake kuchokera m'chigubu cha mwini esiteti, ndipo wogulitsa wa pa msika woyendayenda amayeza pang'onopang'ono molingana ndi ndalama imene wogula ali nayo m'thumba. Pa kugawana konseku pamafunika chotengera chaching'ono chotsekeka bwino, ndipo chimene chimapezeka msanga pamudzi ndi botolo la chakumwa. Kufika kwa mbozi za ntchemberezandonda zowononga chimanga mu nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017 kunawonjezera vutoli, popeza mabanja amene kale sankapopera chimanga anayamba kusunga mankhwala amadzimadzi pakhomo. Lamulo la dziko lino la mankhwala ophera tizilombo la mu 2000, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira mankhwalawa lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, limafuna kuti mankhwala alembetsedwe, akhale ndi lebulo ndipo agulitsidwe ndi anthu a ziphaso. Nawo malangizo a mabungwe a FAO ndi WHO amapempha maboma kuti aletse kutsanulira mankhwalawa m'zotengera za zakudya ndi zakumwa. Komabe lamulo limathera pa khomo la sitolo, ndipo zimene zimachitika pa khonde la nyumba zimatsalira m'manja mwa eni ake.

Botolo loyambirira limagwira ntchito ziwiri zimene botolo la chakumwa silingagwire. Ntchito yoyamba ndi youza munthu wamkulu, makamaka dokotala, dzina la chimene chili m'katimo, mphamvu yake ndi chithandizo chake, ndipo pa malebulo otsatira ndondomeko ya FAO pamakhala mzere wa mtundu m'munsi mwake: wofiira pa mankhwala oopsa koposa, wachikasu pa otsatira, kenaka wabuluu ndi wobiriwira. Ntchito yachiwiri ndi yosamunamiza mwana. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu sawerenga, ndipo chimene iye amadziwa ndi maonekedwe a botolo limene dzulo munali chakumwa chotsekemera. Pachifukwa ichi kulemba mawu oti poizoni pa botolo la Fanta kumathandiza mkulu amene amadziwa kuwerenga, komanso masana okha, pamene kwa mwana sikusintha kanthu. Fungo loipa nalonso silimteteza monga makolo ambiri amaganizira, chifukwa mwana waludzu amapendeketsa botolo nameza asanamve kuwawa kwake, ndipo pa mankhwala ena kumeza kamodziko n'kokwanira.

Kukula kwa nkhaniyi kumaoneka bwino powerengera chitsanzo chimodzi. Alimi asanu atagawana lita imodzi ya daimethoweti, mankhwala ophera nsabwe za m'masamba amene pa lebulo pake pamalembedwa kuti 40 EC, aliyense amatenga mamililita 200, amene amalowa bwinobwino m'botolo laling'ono la chakumwa. Nambala 40 ikutanthauza kuti m'lita imodzi muli magalamu 400 a poizoni weniweni, kapena kuti mamiligalamu 400 pa mililita iliyonse, ndipo zilembo EC zikutanthauza kuti poizoniyo anasungunulidwa m'madzi ena a mtundu wa mafuta, amene amayera ngati mkaka akasakanizidwa ndi madzi. Poyerekeza chabe, ngati mlimi athira mamililita 30 mu sipuleya ya malita 15 napopera katatu pa nyengo yonse ya nazale, wagwiritsa ntchito mamililita 90, ndipo otsala 110 amakhala m'nyumba miyezi yambiri kudikira chaka chamawa, eni ake ataiwala kale chimene chili m'botolomo. Mwana wa zaka ziwiri amalemera pafupifupi makilogalamu 12, ndipo akameza kamodzi amalowetsa pafupifupi mamililita 5, muyeso wa sipuni yaing'ono ya tiyi. Mamililita 5 amenewa ali ndi mamiligalamu 2,000 a daimethoweti, amene akagawidwa pa makilogalamu 12 amapereka mamiligalamu oposa 160 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Muyeso umene umapha theka la makoswe oyeserapo, umene bungwe la WHO limagwiritsa ntchito poika mankhwala m'magulu, uli pafupifupi mamiligalamu 150 pa kilogalamu. Thupi la mwana si la khoswe, ndipo chiwerengerochi sichingalosere ndendende chimene chidzachitike, koma chikuonetsa poyera kuti kumeza kamodzi kuli kale pa mlingo woika moyo pachiswe, ngakhale daimethoweti sali m'gulu la mzere wofiira, ndipo m'botolo lija mwatsala zokwanira kumeza koteroko kopitirira 20.

Daimethoweti ali m'banja la mankhwala otchedwa oganofosifeti, ndipo tameki, timibulu takuda tija timene poyamba tinkathiridwa m'nthaka pophera tinyongolotsi towononga mizu koma pambuyo pake tinafala m'misika ngati mankhwala a makoswe, ali m'banja loyandikana nalo lotchedwa kabameti. Mabanja awiriwa amapha m'njira imodzi. Mitsempha ya m'thupi imatumiza uthenga ku minofu ndi ku ziwalo zotulutsa madzi pogwiritsa ntchito kanthu kotchedwa asetikolini, ndipo uthengawo ukafika pamakhala china chimene chimakaphwanya kanthuko kuti chiwalocho chipume. Poizoniyu amagwira chophwanyacho, moti uthenga umangopitirira osaleka. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso: dovu ndi thovu kukamwa, thukuta lochuluka, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera kwa minofu, kamwana ka diso kochepa kwambiri, ndiponso chifuwa cholira chifukwa cha madzi odzaza m'njira za mpweya. Imfa ikabwera, kawirikawiri imadzera mu kulephera kupuma. Alidikabu, amene ndiye poizoni wa mu tameki, ndi woopsa kuposa daimethoweti nthawi zoposa 100, chifukwa muyeso wake wopha makoswe sufika ngakhale miligalamu imodzi pa kilogalamu, ndipo n'chifukwa chake chizolowezi chomusakaniza ndi ufa kapena usipa pa mbale yodyera, n'kuika pansi pamene mwana amakwawa, chili choopsa koposa zonse zimene zatchulidwa pano. M'dera la fodya muli chinthu china chosokoneza, chimene ndi matenda obwera chifukwa cha nikotini wolowa pakhungu munthu akamathyola fodya wonyowa, amenenso amadzetsa nseru, kusanza ndi chizungulire. Choncho m'miyezi yothyola banja likhoza kuchedwa poganiza kuti ndi fodya chabe, pamene dovu losaleka, timaso tochepa ndi chifuwa cholira zikuloza ku poizoni wa m'botolo.

Kuchipatala chithandizo chachikulu cha poizoni wa mtundu umenewu ndi jakisoni wa atiropini, amene amaperekedwa mobwerezabwereza mpaka chifuwa chitauma, pamodzi ndi mpweya wothandizira kupuma. Apa m'pamene lebulo yotayika ija imapweteka kachiwiri. Dokotala wa pa chipatala cha boma cha Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama kapena cha Nkhamenya akalandira botolo la mahewu lokhala ndi madzi achikasu, sangadziwe ngati ndi oganofosifeti, saipamefirini amene safuna atiropini wochuluka, mankhwala oletsa mphukira za m'mbali mwa fodya, kapena mankhwala opha udzu. Parakwati, mmodzi mwa mankhwala opha udzu, amasonyeza kuopsa kwa kusadziwaku, chifukwa munthu womumwa akhoza kuoneka ngati akupeza bwino pa masiku oyamba pamene mapapo ake akuwonongeka pang'onopang'ono, parakwatiyo alibe mankhwala omuthetsa mphamvu, ndipo mpweya wa okosijeni umene umapulumutsa womwa daimethoweti ukhoza kuwonjezera kuwonongeka kwa mapapo a womwa parakwati. Ngakhale ku Amereka, kumene opopera amaphunzitsidwa ndi kupatsidwa ziphaso, bungwe la boma loteteza chilengedwe linalengeza mu 2016 kuti anthu 17, atatu mwa iwo ana, anafa kuyambira mu 2000 atamwa parakwati mwangozi, ndipo linatchula kutsanulira m'mabotolo a zakumwa ngati gwero lake. Yankho la bungwelo silinali kuwonjezera machenjezo okha. Linalamula kuti mankhwalawa azigulitsidwa m'zotengera zimene sizingatsanulidwe mwachisawawa koma kulumikizidwa ku chopopera.

Palafini amavulaza m'njira ina kotheratu, ndipo kusiyana kumeneku kuyenera kumveka chifukwa ndiko kumalongosola chimene sichiyenera kuchitidwa. Akafika m'mimba, palafini wochepa savulaza kwambiri. Kuopsa kwake kuli pa kupepuka ndi kuterera kwake, moti pomeza, potsamwa kapena posanza, madontho ochepa amalowa m'njira ya mpweya nafalikira m'mapapo, kumene amawononga kamadzi kamene kamachititsa timatumba ta mpweya kukhala totseguka. Zikatero pamabuka chibayo chimene sichinabwere ndi tizilombo koma ndi kupsa kwa mapapo, ndipo zizindikiro zake ndi kutsokomola, kupuma mofulumira kapena mobanika, kutentha thupi ndi kuodzera, zimene nthawi zina zimachedwa maola angapo zisanaoneke. N'chifukwa chake mwana amene wamwa palafini amasungidwa kuchipatala maola osachepera 6 ngakhale akuoneka wamphamvu, ndipo n'chifukwa chake kumusanzitsa ndi chala kapena ndi madzi a mchere kumamupatsa palafiniyo mpata wachiwiri wolowa m'mapapo. Kalembera wa 2008 anapeza kuti mabanja oposa 8 pa 10 alionse m'dziko muno ankaunikira ndi palafini, pamene pofika kalembera wa 2018 matochi a mabatire ndi magetsi a dzuwa anali atalanda malo a koloboyi pafupifupi paliponse. Izi zachepetsa ngozi imodzi koma zasiya inzake, popeza petulo wa njinga zamoto za kabaza ndi wa mapampu othirira, amene amagulidwa m'mabotolo a madzi ndi a zakumwa makamaka mafuta akasowa, amawononga mapapo m'njira yomweyo. Umboni wakuti chotengera ndicho chimasintha zinthu unapezeka ku Gelukspan m'dziko la South Africa, kumene kafukufuku wofalitsidwa mu 1994 anaonetsa kuti mabanja atagawiridwa mabotolo a palafini a zitsekero zovuta kuti mwana atsegule, chiwerengero cha ana omwa palafini chinatsika ndi pafupifupi theka.

Jiki safuna mawu ambiri. Wogulidwa m'sitolo amakhala ndi klorini wa mlingo wa pafupifupi 3.5 pa 100, ndipo mwana akamwa pang'ono nthawi zambiri amamva kuwotcha m'kamwa ndi kum'mero, nasanza, koma savulala kwambiri. Woopsa ndi klorini waufa wotchedwa HTH, wa mphamvu ya 65 mpaka 70 pa 100, amene akasungidwa m'pepala la shuga kapena m'kabotolo ka mchere akhoza kuwotcha m'mero. Pa mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700, alangizi a zaumoyo ankagawa madzi a klorini othira m'ndowa za madzi akumwa, ndipo mabanja ankalandirira m'mabotolo awo. Botolo lotere liyenera kuchotsedwa pepala la chakumwa, kumangidwa chingwe kapena kansalu kofiira pakhosi kuti lizindikirike ngakhale mumdima, ndi kuikidwa pamwamba kutali ndi mtsuko. Palibe phindu posunga lochuluka, chifukwa klorini wosungunula amatha mphamvu m'masabata ochepa, makamaka pamalo otentha ndi owala. Kusakaniza jiki ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi okhala ndi asidi kumatulutsa mpweya wotsamwitsa.

Nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri imene anthu saiganizira kwambiri, pamene chakudya ndicho chimalowa m'chotengera cha mankhwala. Chigubu cha malita 5 kapena 20 chochokera ku esiteti ndi cholimba, chili ndi chogwirira ndi chitsekero chabwino, ndipo n'zomveka kuti mayi wosowa chotungira madzi, chosungira thobwa kapena mafuta ophikira achiyang'ane ndi diso lachikhumbo. Vuto ndi lakuti pulasitiki imamwa gawo lina la mankhwala ndi madzi amene anasungunuliramo, ndipo imabweza pang'onopang'ono ku chilichonse chothiridwamo pambuyo pake. Mafuta ophikira ndi mowa ndiwo amakoka kwambiri, popeza mankhwala ambiri a mbewu amasungunuka msanga m'mafuta ndi m'mowa kusiyana ndi m'madzi. Sopo, phulusa ndi mchenga zimachotsa fungo ndi zotsalira pamwamba, koma sizifika m'kati mwa pulasitikiyo. Pa 16 Julayi 2013, pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Saran ku Bihar m'dziko la India, ana 23 anafa atadya chakudya cha masana chophikidwa ndi mafuta amene anapezeka ndi monokrotofosi, oganofosifeti wa m'munda, ndipo ofufuza analoza ku chotengera chimene mafutawo anachokeramo. Njira yovomerezeka yosamalira chigubu chimene mankhwala atha ndi kuchitsuka katatu nthawi yomweyo: kuthiramo madzi oyera mpaka gawo limodzi la magawo anayi, kutseka, kukhutchumula kwa theka la mphindi, kutsanulira madziwo mu sipuleya kuti akapoperedwe kumunda, ndi kubwereza mpaka katatu. Kutsuka kumeneku kumakonzera chigubu kutayidwa, osati kulowa m'khitchini, ndipo n'chifukwa chake sitepe yotsiriza ndi kuchiboola pansi kuti wina asadzachitole. Mfundo yomweyi ikukhudza sipuni yoyezera, ndowa yosakanizira ndi kamtengo kotakasira, zimene zikangogwira mankhwala siziyenera kubwereranso kumene kuli ziwiya zodyera, komanso fumbi loteteza chimanga ku anankafumbwe, limene likachoka m'paketi yake silisiyana ndi ufa.

Malangizo akuti mankhwala azisungidwa m'nyumba yapadera yokhoma ndi abwino kwa mwini esiteti, koma kwa tenanti wa nyumba ya chipinda chimodzi, mmene muli matumba a chimanga, mphasa ndi mafuwa, ndi mawu opanda pogwira. Chimene chingatheke ndi bokosi lachitsulo kapena lamatabwa lokhala ndi loko, lopachikidwa pamwamba pa msinkhu wa munthu wamkulu m'chigafa kapena pamalo ena kunja kwa chipinda chogona, pamthunzi, kutali ndi moto ndi nkhokwe. Kusomeka botolo kudenga la udzu kumalichotsa m'manja mwa mwana wokwawa, koma osati mwa wa zaka zisanu wodziwa kukwera pa mtondo, ndipo likadontha limadonthera pa zimene zili pansi pake. Njira yabwino koposa kwa alimi a m'kalabu ndi kusagawana mankhwala osasungunula n'komwe: botolo loyambirira likhale kwa munthu mmodzi wosankhidwa amene ali ndi bokosi lokhoma, ndipo pa tsiku lopopera aliyense abwere ndi sipuleya kudzayezeredwa muyeso wa tsikulo, kotero kuti kunyumba sikupita kanthu. Pamene kugula payekha kuli kotheka, kabotolo ka mamililita 100 kapena 250 kosatsegula kamaoneka kokwera mtengo pa mililita, koma mu chitsanzo chija mlimi analipira mamililita 110 amene sanawafune. Nthawi imene imaiwalika kwambiri ndi ya ntchito yeniyeniyo, pamene botolo latsitsidwa, latsegulidwa ndipo lili pansi pambali pa nazale, pafupi ndi botolo la madzi akumwa a ogwira ntchito, mwana ali pomwepo ndi amayi ake. Osakaniza ayenera kutseka ndi kubweza m'thumba lake asanasenze sipuleya, ndipo osungunula kale akatsala sayenera kusungidwira mawa m'botolo lililonse.

Ngozi ikachitika, zoyenera kuchita n'zochepa ndipo zoyenera kupewa ndizo zambiri. Wodwala asasanzitsidwe, kaya wamwa palafini, petulo, jiki kapena mankhwala a mbewu, popeza mankhwala a mtundu wa EC ali ndi madzi amafuta amene amalowa m'mapapo monga palafini, ndipo chowotcha chikamabwerera chimawotcha m'mero kachiwiri. Mkaka, mazira aawisi ndi mafuta ophikira, zimene anthu ambiri amathamangira, sizithetsa poizoni. Zimadzaza m'mimba, zimayambitsa kusanza, ndipo zimadya nthawi ya ulendo. Makala a pa mbaula sali ofanana ndi makala okonzedwa mwapadera amene achipatala nthawi zina amapereka. Womwa jiki amene ali maso ndipo akumeza bwino akhoza kutsuka m'kamwa ndi kumwa madzi pang'ono, koma munthu woodzera kapena wokomoka asapatsidwe kanthu kalikonse pakamwa, ndipo agonekedwe chammbali kuti dovu ndi masanzi zituluke. Zovala zonyowa ndi mankhwala zivulidwe, khungu litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo wothandizayo ateteze manja ake, ngakhale ndi majumbo, chifukwa oganofosifeti amalowa pakhungu. Ulendo wa kuchipatala uyambe nthawi yomweyo popanda kudikira zizindikiro, ndipo pa njinga yamoto mwana agwiridwe ndi munthu wachiwiri amene aziyang'anira kupuma kwake. Operekeza atenge botolo limene wodwala wamweramo, lotsekedwa ndi lokulungidwa m'jumbo, ndipo wina atumidwe kwa mwini esiteti, kwa wosunga mankhwala a kalabu kapena kwa wogulitsa kuti akatenge botolo loyambirira kapena ajambule lebulo yake pa foni. Dokotala adzafunsa nthawi imene wodwala anamwa, kuchuluka kwa zimene zinali m'botolo poyamba ndi zimene zatsala, ngati wasanza, ndi ngati ana ena amene ankasewera naye alawako, ndipo anawo ayenera kubweretsedwanso ngakhale asakudandaula kanthu.